Zikhulupiriro ndi zoona: kuwerenga buku la ofotokoza nkhani ambiri

Ambirife tinakula ndi nthano za munthu mmodzi. Wokamba anali mmodzi kuyambira pa "padangokhala" mpaka kumapeto, ndipo zonse zimene ankanena tinkazitenga kuti ndi momwe zinachitikira. Chizolowezi chimenechi chimatisokeretsa tikatenga buku limene anthu angapo amasinthana kufotokoza nkhani. Chitsanzo chathu ndi buku la William Faulkner lotchedwa As I Lay Dying, lomwe linatuluka mu 1930. Ndi nkhani ya banja losauka la a Bundren ku Mississippi, m'dziko la Amereka, lomwe lanyamula maliro a mayi, Addie, pa ngolo kupita nawo ku tauni ya Jefferson, mtunda wa mamailosi 40. Bukuli lili ndi mitu 59, ndipo oifotokoza alipo 15.

"Dzina lolembedwa pamwamba pa mutu lilibe ntchito, nkhani ndi imodzi"

Timalumpha dzinalo chifukwa m'mabuku ambiri mawu a pamwamba sasintha kanthu. M'buku ili dzinalo ndilo limatiuza mwini wa mawu akuti "ine". Pamwamba pakalembedwa Vardaman, tikumva kamnyamata kamene sikanamvetse imfa. Kanagwira nsomba yaikulu tsiku lomwe mayi ake anamwalira, ndipo m'maganizo mwake mayi ndi nsombayo zasakanikirana. Ndiko kamene kanaboola bokosi la maliro kuti mayi apume. Wowerenga amene sanayang'ane dzina amafika pa mutu wa Vardaman wa chiganizo chimodzi chokha, n'kuganiza kuti mlembi wasokonezeka. Ambiri amatseka bukuli pamenepo, pomwe chosowa chinali kungodziwa kuti akumvera mwana wamasiye.

"Wofotokoza nkhani amanena zoona, makamaka ngati ndi wopemphera"

Tinaphunzitsidwa kulemekeza mawu a anthu oopa Mulungu, ndipo kutero si kulakwa. Koma mpangankhani amangodziwa zimene maso ake aona ndi zimene mtima wake ukufuna kukhulupirira. Cora Tull, mayi woyandikana ndi banjali, amatchula Mulungu pafupipafupi. Iye akutiuza kuti mwa ana onse, Darl ndiye ankakonda mayi ake, ndipo kuti anachita kupempha kuti asamutume paulendo wokanyamula matabwa mayi ali kayakaya. Za Jewel akunena kuti ndi wouma mtima. Komatu tisanamve Cora tinali titamva kale Darl mwini wake akulimbikira ulendowo chifukwa cha madola atatu. Tinali titamvanso Jewel akupsa mtima poona mkulu wake Cash akukhoma bokosi pansi penipeni pa zenera la wodwalayo, akulakalaka atakhala ndi mayi ake awiriwiri, anthu onse atawathamangitsa. Cora akangomaliza, mlongo wawo Dewey Dell akutiuza kuti Darl ankadziwa kuti mayi amwalira iwo asanabwerere, koma anamutengabe Jewel.

Cora sakunama dala. Waona Darl ataima pakhomo akuyang'ana wodwala, n'kumasulira yekha kuti ndi chikondi. Tikamukhulupirira, timalakwira Jewel kwa buku lonse, ndipo zonse zimene adzachite kutsogolo zimaoneka ngati zongochitika mwadzidzidzi.

"Wolankhula kwambiri ndiye wodalirika, wolankhula kamodzi ndi wongodutsa"

Darl ali ndi mitu 19, kuposa wina aliyense, ndipo amalankhula mwaluso. Choncho timayamba kumudalira ngati kuti ndiye mlembi. Koma taonani: imfa ya Addie akuifotokoza ndi Darl, pomwe iye panthawiyo anali kutali pamsewu ndi Jewel. Wowerenga wosamala amaima pamenepo n'kufunsa kuti wadziwa bwanji zimene sanaone. Funsoli limatikonzekeretsa kumapeto, pamene Darl watentha khola momwe munagonekedwa bokosi, banja lamupereka kuti apite ku chipatala cha odwala misala ku Jackson, ndipo mutu wake womaliza akudzitchula dzina ngati akunena za munthu wina.

Jewel ali ndi mutu umodzi, Addie umodzi. Anthu a kunja kwa banja monga Samson, Armstid ndi Moseley nawonso amalankhula kamodzikamodzi. Iwowa ndi amene amatiuza mosabisa zimene banjali lazolowera: kuti mtembo ukununkha, kuti miimba ikutsatira ngolo, kuti mwendo wothyoka wa Cash akufuna kuumata ndi simenti. Tikawapeputsa, timayenda ndi a Bundren ngati kuti ulendowo ndi wanzeru.

"Mitu ikhoza kuwerengedwa mulimonse, bola tiimalize yonse"

Chikhulupiriro ichi ndicho chimawononga kwambiri, ndipo chimaoneka ngati nzeru. Wophunzira amati, popeza ofotokoza ndi ambiri, ndiwerenge mitu yonse ya Darl pamodzi, kenako ya Cash, kenako ya enawo. Wina amayamba ndi mutu wa Addie poti nkhani yonse ndi ya iyeyo. Koma tonse tikudziwa za pabwalo la milandu kwa amfumu: mboni imene yalankhula pambuyo imamveka mosiyana chifukwa cha zimene yoyamba yanena kale. Mlembi anasankha yemwe tiyambe kumumva, ndipo kusankhako ndi mbali ya nkhaniyo.

Tiyeni titsate mitu itatu yotsatizana, wa 39, wa 40 ndi wa 41. Tikuifika banjali litangowoloka mtsinje wosefukira, nyulu zokoka ngolo zitamira, Cash atathyoka mwendo. Mutu wa 39 ndi wa Cora. Akukumbukira tsiku lina pamene ankadzudzula Addie pa nkhani ya tchimo, Addie n'kuyankha kuti alipo amene adzamupulumutse kumadzi ndi kumoto. Cora anazindikira kuti Addie akunena za Jewel osati za Mulungu, ndipo anagwada n'kumupempherera ngati munthu wochita mwano. Mutu womwewo Cora akutamanda mbusa Whitfield kuti ndi munthu wa Mulungu amene analimbana ndi mzimu wa Addie. Ife owerenga madzi tawaona kale, Jewel ali m'kati mwake akulimbana ndi ngolo. Moto sitinauone, ndiye timayamba kuudikira.

Mutu wa 40 ndi wa Addie, munthu amene anamwalira masamba ambiri apitawo. Akutiuza kuti mawu sankawakhulupirira, ngakhale mawu akuti chikondi amene mwamuna wake Anse ankatchula. Akuulula kuti Jewel si mwana wa Anse koma wa mbusa. Akuululanso kuti lonjezo lokamuika ku Jefferson analipempha Darl atangobadwa, ngati njira yobwezera Anse. Kwa mitu 39 takhala tikuona banja likuvutika posunga mawu a womwalira. Tsopano tikudziwa kuti mawuwo anachokera mu mkwiyo.

Kenako pakubwera Whitfield mwini wake, mutu wa 41. Akufotokoza m'mawu okometsera a paguwa kuti atamva zoti Addie ali pafupi kufa, ananyamuka kuti akaulule tchimo lake kwa Anse. Ali m'njira wamva kuti mayiyo wamwalira osanena kanthu, ndipo pomwepo akugamula kuti Mulungu walandira cholinga chake ngati kuti waulula kale. Akulowa m'nyumba ndi mawu a dalitso basi.

Tsopano tiisinthe mitu imeneyi. Whitfield akanalankhula Addie asanalankhule, chinsinsi tikanachimva koyamba m'mawu a mwamuna wodzilungamitsa, ndipo Addie akanangobwera kudzavomereza. Cora akanabwera pambuyo pa onse awiri, tikanangomuseka, osakhala kaye mu umbuli wake monga mmene mlembi anafunira. Mutu wa Addie ukanakhala woyamba m'buku, sitikanadabwa chifukwa chake Darl amamuputa Jewel, ndipo ulendowo tikanauona ngati chilango kuchokera pa tsamba loyamba. Wosokoneza mitu amadziwa zonse zimene zinachitika, koma sangayankhe funso lakuti maganizo athu pa Jewel asintha liti ndipo asintha chifukwa cha ndani. Pamayeso amalemba tsatanetsatane wa nkhani, mfundo yeniyeni itamudutsa.

"Mutu wotsatira ndiye nthawi yotsatira"

Nthawi zambiri zimakhala choncho, n'chifukwa chake timazolowera. Koma mitu itatu taionayi yonse ikubwerera m'mbuyo: Cora ndi Addie ku zaka zakale, Whitfield ku nthawi ya imfa ya Addie, pomwe ngolo ili kale tsidya lina la mtsinje. Cash nayenso, chakumapeto, akufotokoza atafika ku Jefferson n'kuima panyumba ina kubwereka zokumbira manda, ndipo mwini nyumbayo akumutchula kuti Mayi Bundren. Si kulakwitsa kwa osindikiza. Cash akulankhula zonse zitatha, akudziwa kale kuti Anse adzakwatira mayiyo atangoika mkazi wake. Wosazindikira izi amasokonezeka kuti Mayi Bundren ali m'bokosi angakhalenso bwanji ndi nyumba m'tauni.

"Kulemba pambali kuti akulankhula ndani ndi za anthu osachedwa kuiwala"

Anthu 15 sasungika m'mutu, ngakhale kwa wowerenga wozolowera. Tengani pepala, ndipo pa mutu uliwonse mulembe nambala yake, dzina la wolankhula, komwe ali, ndi ngati zimene akunenazo waziona yekha, wazimva kwa ena kapena akungoziganizira. Onjezani chimene iyeyo akufuna ku Jefferson, chifukwa Anse akufuna mano oikirira, Dewey Dell akufuna mankhwala ochotsera pathupi, Cash akulakalaka galamafoni, ndipo zofunazi zimapinda kafotokozedwe kawo. Pomwe awiri afotokoza chinthu chimodzi mosiyana, ikani chizindikiro, musafulumire kusankha mbali.

Pepala limeneli lidzakuonetsani chinthu chimene maso okha saona msanga. Cash akuyamba ndi mndandanda wa zifukwa 13 za mmene wakhomera bokosi, ngati munthu wosatha kulankhula za china koma matabwa. Darl akamasokonezeka, mitu ya Cash ikutalika ndi kudekha, ndipo ndi iye amene akusinkhasinkha ngati Darl analidi wamisala kapena anangochita chimene anthu ambiri sakanachita. Mutu wa 59, womaliza m'bukuli, wapatsidwa kwa Cash. Aphunzitsi ndi makolo, mwana akabwera ndi buku la mtundu uwu, musamulole kuti aliwerenge modumphadumpha kapena angodalira chidule. Muuzeni aliyambe pa mutu woyamba, pensulo ili m'manja, ndipo pa mutu uliwonse ayambe watchula dzina la wolankhula.