Webusayiti yatsopano, makasitomala osasochera

Tiyerekeze loji ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Webusayiti yake inapangidwa zaka khumi zapitazo, ndipo ikuonekeratu kuti yakalamba: zilembo n'zazing'ono, zithunzi zimachedwa kutseguka, ukaitsegula pa foni umachita kukoka ndi zala kuti uwerenge mitengo ya zipinda. Komabe munthu akalemba pa Google kuti akufuna malo ogona ku Mangochi, lojiyo imatuluka pa tsamba loyamba. Mwini wake wapeza mnyamata wodziwa ntchito, ndipo m'milungu yochepa webusayiti yatsopano yatuluka, yokongola, yoyenda bwino pa foni. Patapita mwezi umodzi, mafoni ofunsa za zipinda ayamba kuchepa. Akadzifufuza pa Google akupeza kuti pamalo paja pakhala loji ya anzawo.

Chachitika n'chakuti Google sasunga mbiri ya webusayiti monga chinthu chimodzi chathunthu. Amasunga mbiri ya adiresi iliyonse payokhapayokha. Tsamba la zipinda linali pa `/rooms.html`, ndipo kwa zaka zonsezi adiresi imeneyi ndi imene anthu olemba za maulendo ankailoza, ndi imene inali m'mauthenga a pa WhatsApp, ndi imene Google ankaidziwa. Mu webusayiti yatsopano tsambalo lili pa `/accommodation/`. Kwa mwini loji ndi tsamba lomwe lija, langovala zatsopano. Kwa Google ndi tsamba lachilendo lopanda mbiri, ndipo lakale lija lasowa. Aliyense wofika pa adiresi yakale akulandira yankho la 404, kutanthauza kuti tsambalo palibe. Google akabwera kangapo n'kupeza yankho lomwelo, amachotsa adiresiyo pa zotsatira zake.

Ntchito yopewa zimenezi imayamba wopanga webusayiti asanakhudze chilichonse, ndipo si yosangalatsa. Ndi kalembera. Mumatsegula Excel kapena Google Sheets, n'kulemba adiresi iliyonse ya webusayiti yakale pa mzere wakewake. Osadalira kukumbukira kwa mwini bizinesi, chifukwa iye amadziwa masamba asanu kapena asanu ndi limodzi a pa menyu, pomwe webusayiti yakale imakhala ndi ambiri oiwalika. Pulogalamu yotchedwa Screaming Frog imayenda mu webusayiti kutsata linki iliyonse n'kukupatsani mndandanda, ndipo yaulere yake imafika maadiresi 500, omwe ndi okwanira kwa bizinesi yaing'ono. Koma iyo imangopeza masamba amene ali ndi linki yowaloza kuchokera m'kati. Otsalawo amapezeka mu Google Search Console, chida chaulere cha eni mawebusayiti, chomwe chimasunga mbiri ya miyezi 16 ya masamba amene anthu anawadina kuchokera pa Google, komanso chimasonyeza mawebusayiti ena amene amaloza kwanu. Ngati simunalembetse webusayiti yanu kumeneko, teroni msanga, kusamuka kusanayambe, kuti mudzakhale ndi manambala akale oyerekeza nawo atsopano.

Pambali pa adiresi iliyonse pamafunika zinthu zinayi: tsambalo likunena za chiyani, labweretsa anthu angati, pali mawebusayiti ena olilozera kapena ayi, ndipo lidzapita kuti. Apa ndi pamene anthu amadabwa. Tinene kuti loji yathu yapezeka ndi maadiresi 80. Mwini wake amaganiza kuti tsamba loyamba ndi limene limakoka anthu, koma kaundula akusonyeza kuti alendo ambiri amalowera pa katsamba kakale kofotokoza mayendedwe ochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde, kamene wina analemba kalekale n'kukaiwala. Palinso fayilo ya PDF ya mitengo ya holo ya misonkhano, imene akuluakulu a mabungwe amaipeza pa Google akamafuna malo a maphunziro. Wopanga webusayiti yatsopano sakanaziika ziwirizi, osati mwa nkhanza, koma poti palibe anamuuza kuti zilipo.

Tsamba lililonse limalandira chigamulo chimodzi mwa zitatu. Lina limasamuka monga lilili. Ena amaphatikizidwa: masamba anayi a tizipinda tosiyanasiyana akhoza kukhala tsamba limodzi labwino. Ena amatayidwa, monga chilengezo cha phwando la Khirisimasi la mu 2016, chimene palibe amachiwerenga ndipo palibe amachiloza. Ndipo ngati n'kotheka kusunga adiresi yakale osaisintha, isungeni. Maonekedwe a webusayiti akhoza kusintha onse adiresi ili yomweyo, ndipo adiresi yosasintha sifuna mankhwala alionse.

Kwa maadiresi amene asintha, mankhwala ake ndi ridayirekiti. Ili ndi lamulo limene mumaika pa seva lonena kuti aliyense wofunsa adiresi yakutiyakuti atumizidwe ku yatsopano. Zili ngati wogulitsa mumsika akasamutsa benchi yake n'kusiya mawu kwa woyandikana naye kuti akabwera makasitomala awalozere mzere watsopano. Mlendo saona chilichonse. Amadina linki yakale, tsamba latsopano n'kutseguka. Koma seva imatumizanso nambala imene Google amawerenga, ndipo nambalayo ndi yofunika. Ya 301 imati tsambali lasamuka mpaka kalekale, choncho Google amasamutsira mbiri ya adiresi yakale ku yatsopano. Ya 302 imati lachoka kwa kanthawi, libweranso, ndiye Google akhoza kupitiriza kusunga yakale. Posamuka mumafuna 301.

Pa seva za mtundu wa Apache, zimene makampani ambiri osunga mawebusayiti a mabizinesi ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito, malamulowa amalembedwa mu fayilo yotchedwa `.htaccess`, mzere umodzi pa adiresi imodzi:

```
Redirect 301 /rooms.html /accommodation/
Redirect 301 /directions.html /getting-here/
```

Wogwiritsa ntchito WordPress amene sakufuna kukhudza fayilo imeneyi akhoza kuika pulagini yotchedwa Redirection n'kulemba maadiresiwo m'mabokosi. Chenjezo limodzi: mawebusayiti akale opangidwa ndi Joomla nthawi zambiri amakhala ndi maadiresi okhala ndi chizindikiro cha funso, monga `index.php?option=com_content&id=14`. Lamulo la `Redirect` siliona zimene zili kutsogolo kwa chizindikirocho, choncho maadiresi otere amafuna `RewriteCond` ndi `RewriteRule`. Mufunseni wopanga webusayiti wanu ngati akudziwa zimenezi asanakuuzeni kuti ntchito yatha.

Pali njira yachidule imene ambiri amaikonda, ndipo ine ndimaiona kuti ndi ulesi wovala suti. Amalemba lamulo limodzi lotumiza maadiresi onse akale ku tsamba loyamba. Poyang'ana mwachangu zimaoneka bwino, chifukwa palibenso 404. Koma taganizirani mayi amene amafuna mitengo ya holo ya misonkhano, n'kupezeka ali pa chithunzi cha dzuwa likulowa panyanja ndi mawu omulandira. Abwerera. Google nayenso amazindikira kuti tsamba loyamba silikuyankha zimene tsamba lakale linkayankha, ndipo akhoza kuliwerenga ngati losowa ndithu, chimene mu Search Console chimalembedwa kuti `Soft 404`. Mbiri ija siisamuka. Adiresi iliyonse iyenera kupita ku tsamba lofanana nayo kwambiri: PDF ya holo ipite ku tsamba latsopano la misonkhano. Tsamba lopanda mnzake, monga la phwando la 2016 lija, lisiyeni lipereke 404 kapena 410. Palibe chilango pa zimenezo.

Ngakhale ridayirekiti yolembedwa bwino ili ndi malire ake. Imafikitsa Google pa tsamba latsopano, koma iye amaliwerenganso kuti aone ngati likuyenerabe malo ake. Katsamba ka mayendedwe kaja kankatuluka pamwamba chifukwa kanali ndi mawu: mayina a malo odutsa, pokhotera, mtundu wa msewu, kokwerera maminibasi. Mawebusayiti amakono amakonda zithunzi zazikulu ndi mawu ochepa. Ngati wopangayo achotsa zonsezo n'kuikapo mapu okha, ridayirekiti idzagwira ntchito bwinobwino koma tsambalo lidzatsika, chifukwa zimene anthu ankafufuza mulibenso. N'chifukwa chake mu kaundula muja ndi bwino kukopera mutu wa tsamba lililonse lofunika ndi mawu ake, kuti zisamuke limodzi. Pa chifukwa chomwechi, musasinthe zonse nthawi imodzi. Mukasintha maonekedwe, maadiresi, mawu ndi dzina la domeni tsiku limodzi, zinthu zikavuta simudzadziwa chimene chalakwa.

Tsiku lotsegula lili ndi msampha wake. Webusayiti ikamamangidwa, opanga amaibisa kuti Google asaione isanathe. Mu WordPress ndi kabokosi ka pansi pa `Settings`, kenako `Reading`, kolembedwa kuti `Discourage search engines from indexing this site`. Kakaiwalika kali kochonga, webusayiti yatsopano imakhala ikuuza Google kuti asaisonyeze kwa anthu, ndipo masamba amayamba kuzimiririka limodzi ndi limodzi. Onani kabokosi kameneka poyamba, muonenso kuti fayilo ya `robots.txt` ilibe mzere wa `Disallow: /` wotseka webusayiti yonse. Kenako yesani maadiresi akale onse a mu kaundula, osati awiri atatu ayi. Screaming Frog ikhoza kulandira mndandanda wonse n'kuuyesa kamodzi, kapena mukhoza kuyesa imodziimodzi motere:

```
curl -I https://example.com/rooms.html
```

Yankho lisonyeze 301, ndipo pa mzere wa `Location` pakhale adiresi yatsopano yolondola. Ngati adiresiyo ikutumizanso kwina, kumenekonso n'kutumiza kwina, fupikitsani unyolowo kuti yakale ilumphe kamodzi kokha. Izi zimachitika kawirikawiri pa webusayiti imene inasamukapo kale kuchoka pa `http` kupita pa `https`. Mukatero tumizani `sitemap.xml` yatsopano mu Search Console, ndipo mukonze linki za pa tsamba lanu la Facebook ndi pa Google Maps kuti ziloze maadiresi atsopano.

M'milungu yoyamba manambala amagwedezeka, ndipo zimenezo zisakuthamangitseni magazi: Google amafunika nthawi kuti ayendere maadiresi akale onse n'kuona kumene apita. Chofunika n'kusiyanitsa kugwedezeka ndi kugwa. Masamba onse akatsika pang'ono n'kuyamba kubwerera, ndiye kuti kusamuka kukuyenda. Tsamba limodzi likagwa lokha anzake ali bwino, onani ridayirekiti yake ndi mawu ake. Onse akagwa pamodzi osabwerera, thamangirani ku kabokosi kaja ndi `robots.txt`. Lipoti la `Pages` mu Search Console limasonyeza maadiresi amene akupereka 404, ndipo m'menemo mumatuluka masamba amene kalembera anawaphonya. Aliyense wofunika mumamuwonjezera mzere wake.

Malangizo a Google ndi akuti maridayirekiti akhalepo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Kwa loji yathu palibe chifukwa chowachotsera n'komwe, popeza linki zakale zili m'mabulosha osindikizidwa ndi m'mawebusayiti a anthu ena amene sadzazisintha. Choncho kaundula uja asungidwe ndi mwini bizinesi, osati wopanga webusayiti yekha, ndipo mu mgwirizano mulembedwe kuti malipiro omaliza adzaperekedwa adiresi iliyonse ya mu kaundulayo ikayesedwa n'kupereka yankho loyenera.