Oimba a ku Bremen akalowera ku Ndirande

Ndikamafotokozera achinyamata nthano ya ku Germany ya oimba a ku Bremen, yomwe abale awiri a Grimm anaisindikiza mu 1819, ndimayamba ndapatula zosayenera kusintha. Bulu, galu, mphaka ndi tambala akalamba, eni ake sakuwafunanso, ndipo kumzinda komwe akulowera sakafikako. Pamenepo sindikhudzapo.

Malo ndiwo ndimasintha. Anayiwa amanyamuka ku Ntcheu kukajambulitsa nyimbo ku Ndirande, poti wachinyamata aliyense amadziwa mnzake amene ali ndi maloto otere. Bulu ndimamutcha a Mavuto, wotopa ndi ngolo. Mphaka ndi a Nasibeko, ogulukanso mano. Kalulu sindimulowetsamo. Omvera akangomumva amayembekezera ukathyali, pomwe nthanoyi ndi ya ofooka amene apambana pogwirizana.

Nthabwala yake yagona pa wakuba amene wabwerera mumdima m'nyumba yomwe anayiwa alanda kwa akuba. Mphaka akamukanda, iye amati ndi mfiti. Bulu akamuponda, amati wamenyedwa ndi chibonga. Tambala akalira padenga, wakubayo amamva ngati mudzi wonse ukukuwa kuti "Mgwireni uyooo!" Ndikaona kuti pamenepa sanaseke, ndimadziwa kuti ndafotokoza mothamanga, ndipo ndimabwereza pang'onopang'ono.