Mpopi Umadziwika ndi Thupi, Katiriji ndi Muyezo

Pa ntchito zonse zimene mapulambala a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amaitanidwira, imodzi mwa zofala kwambiri ndi ya mpopi wodontha. Ikuoneka yaing'ono, koma ndi imene imasiyanitsa mmisiri ndi wongogwira sipanala. Wosadziwa amauza mwini nyumba kuti mpopi watha, agule wina. Mmisiri amadziwa kuti thupi la mkuwa limakhala zaka zambiri, ndipo chimene chimatha ndi kachipangizo ka m'kati kotsegula ndi kutseka madzi, kamene amisiri amati katiriji. Chovuta n'chakuti makatiriji ndi amitundumitundu, ndipo mipopi yambiri ilibe dzina kapena nambala.

Amisiriwa amachokera kosiyanasiyana. Ena anaphunzira m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, ena anayamba ndi kunyamulira bwana chikwama cha zipangizo mpaka manja anazolowera. Onsewo amakumana ndi msika umodzi. M'nyumba zakale muli mipopi yolemera ya ku South Africa monga ya Cobra, imene zipangizo zake zimapezeka mosavuta, pomwe m'nyumba zatsopano mwadzaza mipopi ya ku China yofanana kunja koma yosiyana m'kati. N'chifukwa chake pulambala amayamba ndi maso ndi dzanja asanakhudze sipanala.

Choyamba amapotokola chogwirira. Ngati chikuzungulira kangapo n'kumalimba pang'onopang'ono potseka, umenewo ndi mpopi wa washala: m'kati muli chitsulo cha mazinga chimene chimakanikiza labala pakamwa pa dzenje lolowera madzi. Pamenepa katiriji safunika, washala watsopano amakwanira. Koma ngati chogwirira chikungoyenda gawo limodzi mwa magawo anayi a mzunguliro n'kuima mwadzidzidzi, m'kati muli timbale tiwiri ta seramiki totsetsereka pamwamba pa tinzake. Timbaleti sitikonzedwa, tikakandika, katiriji yense amasinthidwa. Mpopi wa chogwirira chimodzi, chokwera ndi kutsika potsegula, chopita kumanzere ndi kumanja posankha madzi otentha kapena ozizira, ndiye mikisa, ndipo katiriji wake ndi wonenepa, wa pulasitiki.

Kenako amayang'ana thupi. Mpopi wa pasinki yosambira m'manja kapena ya kukhitchini nthawi zambiri ndi wa hafu inchi, pomwe wa pabafa ndi wa 3/4 inchi kuti madzi azidzaza msanga. Mavavu a papaipi nawonso amadziwika ndi maonekedwe. Ya chogwirira chozungulira ngati gudumu ndi geti vavu. Ya chogwirira chachitali chogona motsatira paipi ikakhala yotsegula ndi vavu ya kampira, ndipo ikawonongeka amangoichotsa yonse. Ya muvi pathupi ndi sitopukoko, imene ili ndi washala ndipo imafuna kuti madzi aziyenda kolozera muviwo. Wodziwa zimenezi sapita kuhadiweya kukafunsa katiriji wa chinthu chimene chilibe katiriji.

Komwe madzi akutulukira kumanenanso zambiri. Akamadontha pakamwa pa mpopi uli wotseka, vuto ndi washala kapena timbale ta seramiki. Akamatuluka m'munsi mwa chogwirira potsegula, chatha ndi kalabala kozungulira tsinde la katiriji. Akamatuluka pakhosi pa mikisa ya kukhitchini, pomwe mlomo umatembenukira, katiriji alibe mlandu, afunika malabala a pakhosipo basi.

Tiyeni titsatire ntchito imodzi. Mikisa ya kukhitchini ya zogwirira ziwiri ikudontha usiku wonse. Pulambala apotokola, ndipo zogwirira zonse zikuima msanga, choncho ndi ya seramiki. Kuti adziwe mbali yolakwa, atseka vavu ya madzi ochokera kugiza. Kudontha kwaleka, ndiye kuti wawonongeka ndi katiriji wa madzi otentha, amene amakhala kumanzere. Atseka madzi, achotsa kachivindikiro kofiira, amasula sikuluwu, azula chogwirira, n'kumasula katiriji ndi sipanala atagwira thupi la mpopi kuti mapaipi a pansi asapotoke.

Tsopano pali zinthu zinayi zoti zigwirizane. Mazinga akhale a hafu inchi ngati akale. Kutalika kwa katiriji kufanane, chifukwa wamfupi safika pansi ndipo madzi amadutsa, pomwe wamtali amafinya labala mpaka kung'amba. Chachitatu ndi mano a pamutu pa tsinde, pomwe chogwirira chimalowa. Ambiri amakhala ndi mano 20 kapena 24, ena 28, ndipo pongoyang'ana simungasiyanitse. Mmisiri amadetsa dzino limodzi ndi cholembera n'kuwerenga mozungulira mpaka atabwerera pomwepo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Katiriji wa mano 24 amangika bwinobwino m'thupi la mpopi, koma chogwirira cha mano 20 chimakana kulowa, ndipo wochikhomerera amangodya manowo, chogwirira n'kumazungulira chabe.

Chachinayi ndi mbali yotsegukira. Pa mipopi yambiri ya zogwirira zazitali, cha kumanzere ndi cha kumanja zimatsegukira mosiyana, ndipo opanga amaika labala wofiira kunsi kwa katiriji mmodzi, wabuluu kwa mnzake. Mtunduwo ndi chizindikiro chabe, makampani satsatira lamulo limodzi. Pulambala wosamala amapotokola katiriji watsopano m'manja ali m'sitolo, n'kuona ngati akutsegukira kofanana ndi wakale. Akapanda kutero, chogwirira chimakagunda khoma potsegula.

Mikisa ya chogwirira chimodzi ili ndi mayeso ake. Chogwiriracho chimagwidwa ndi kasikuluwu kobisika kuseri kwa kabatani kofiira ndi kabuluu. Pansi pake pali chivindikiro ndi nati yaikulu yopanikiza katiriji. Muyezo waukulu ndi kunenepa: ofala ndi a mamilimita 35 ndi 40, ndipo mikisa yowonda kwambiri imakhala ndi wa 25. Thupi la mpopi limapereka chithunzi, koma veniya ndiye amatsimikiza. Kunsi kwake n'kofunikanso. Ena ndi athyathyathya, a mabowo atatu ndi timiyendo tiwiri tolowa m'maenje a m'thupi, ena ali ndi thako lalitali lokhala ndi labala mozungulira. Awiriwa sasinthana ngakhale kunenepa kukhale kumodzi.

Chimene chimapha seramiki kwathu kuno kwambiri ndi mchenga. Madzi akasiya n'kubweranso amabwera ndi dothi, ndipo kamwala kamodzi kakalowa pakati pa timbale kamasiya mkwasa wosatsekeka. Madzi a pamjigo ena amasiya zoyera zolimba zimene zimaumitsa chogwirira. Choncho asanaike katiriji watsopano, mmisiri amatsegula madzi pang'ono kuti zinyalala zituluke, ndipo amapapasa pakamwa pa dzenje. Pakakhala pokumbika, ngakhale washala kapena katiriji watsopano adontha, mpaka patasalazidwa ndi chida chake.

Luso limeneli lili ndi malire. Mipopi ina yotchipa ndi ya chitsulo chofewa chimene chimasweka pomasula, ndipo ina ili ndi katiriji wosapezeka m'sitolo iliyonse. Pamenepo kugula wina ndiye nzeru. Koma pa mikisa ya shawa yokwiriridwa m'khoma, kupeza katiriji woyenera kumapulumutsa matailosi ndi malipiro a womanga. Pulambala wanu akakuuzani kuti, "Bwana, ndipite kaye ndi wakaleyu ndi chogwirira chake kuhadiweya," mulekeni apite. Madzi akhala otseka kwa maola angapo, koma chimene abwere nacho chikhala chokwana.