Mawu a pa Status Asafanane ndi a pa Facebook

Status ya WhatsApp imaonekera kwa anthu okhawo amene munasungirana nawo nambala. Choncho owerenga anu ndi makasitomala amene amakudziwani kale. Ngati mumagulitsa zitenje, musataye malo pofotokoza kuti ndinu ndani kapena polemba nambala yanu. Chotsaninso mahashitagi, chifukwa kumeneko sagwira ntchito. Nenani zatsopano zokha: "Zitenje zija zafika lero, zatsala zisanu, mtengo sunasinthe. Yankhani pompano ndikusungireni."

Chithunzi chimadutsa m'masekondi ochepa, ndiye mizere iwiri ndi yokwanira. Status imafufutika pakatha maola 24, kotero tchulani tsiku lenileni. Mukaona kuti ambiri ayiona koma palibe woyankha, onani ngati mwatchula mtengo ndi zoti achite.