Suwichi ikamati chingwe sichinadzaze, koma mapaketi akutayika

Dandaulo loti netiweki yachedwa limamveka m'maofesi ambiri, ndipo nthawi zambiri mlandu umagwera kampani yogulitsa intaneti. Komabe pamakhala masiku ena pamene vuto lili m'nyumba momwemo, pa suwichi, kabokosi kokhala ndi mapoti ambiri komwe zingwe za makompyuta zimakumana. Ubwino wake ngwoti suwichi zambiri za m'maofesi zimawerenga zonse zodutsa pa poti iliyonse, ndipo zimayankha zikafunsidwa kudzera m'njira yotchedwa SNMP, yomwe inayamba mu 1988. Kufunsako nkosavuta. Povuta mpomvetsa yankho.

Manambala amene suwichi imasunga amangokwera, ngati mita ya madzi. Mita siikuuzani kuti pampopi pakutuluka madzi ochuluka bwanji pakali pano; imangosonyeza onse amene adutsa chiikireni. Kuti mudziwe liwiro, muyenera kuwerenga kawiri, kuchotsera nambala yoyamba pa yachiwiri, kenako nkugawa ndi nthawi imene yadutsa.

Tiyerekeze ofesi yansanjika, momwe suwichi ya m'mwamba imatumiza zonse pansi kudzera pa poti 24, chingwe cha gigabiti imodzi pa sekondi, kutanthauza mamegabiti 1,000. Woyang'anira netiweki akhoza kufunsa chonchi:

```
snmpget -v2c -c public 192.0.2.10 \
  IF-MIB::ifHCOutOctets.24 IF-MIB::ifOutDiscards.24 \
  IF-MIB::ifInErrors.24
```

Asanakhulupirire 24 ameneyu ayambe waona `ifName`, chifukwa nambala imene SNMP imapatsa poti si nthawi zonse imafanana ndi yolembedwa pabokosi.

Dzina loyambalo, `ifHCOutOctets`, likuwerenga mabaiti otuluka. Tinene kuti poyamba linali pa 912,400,000,000, ndipo patatha mphindi zisanu lafika pa 923,650,000,000. Kusiyana kwake ndi mabaiti 11,250,000,000. Baiti imodzi ili ndi mabiti asanu ndi atatu, choncho timachulukitsa ndi 8, nkugawa ndi masekondi 300. Yankho ndi mamegabiti 300 pa sekondi, omwe ndi 30 peresenti ya mphamvu ya chingwe. Zolowa zimawerengedwa pazokha, ndipo si bwino kuziphatikiza ndi zotuluka, popeza chingwe cha masiku ano chimanyamula gigabiti yathunthu mbali iliyonse nthawi imodzi.

Zilembo ziwiri zija, HC, musazione kuchepa. Pali kauntala yakale yopanda zilembozi, `ifOutOctets`, yomwe ili ndi malo a mabiti 32 okha. Ikadutsa 4,294,967,295 imabwerera pa ziro nkuyambiranso, osauza munthu. Pa chingwe cha mamegabiti 10 chodzaza, zimenezi zimatenga pafupifupi mphindi 57, ndiye kale sizinkadetsa nkhawa. Pa mamegabiti 100 ndi mphindi zosakwana zisanu ndi imodzi. Pa gigabiti ndi masekondi 34 basi.

Taonani zimene zikanachitika mu ofesi yathu ija. Mabaiti 11,250,000,000 akanazungulitsa kauntala yakaleyo kawiri konse, nkutsala pafupifupi 2,660,000,000. Pulogalamu yojambula girafu ikanangoona otsalawo, nkulengeza mamegabiti 71 m'malo mwa 300. Chizindikiro cha vutoli nchodziwika: pa girafu yowerengedwa mphindi zisanu zilizonse, mzere sudutsa mamegabiti pafupifupi 114, ndipo ntchito ikachuluka masana umangodumphadumpha kapena kutsika kumene. Mankhwala ake ndi makauntala a mabiti 64, a HC aja, koma amafuna SNMP ya mtundu wa `v2c` kapena `v3`. Mtundu woyamba sutha kuwanyamula. Kauntala imathanso kubwerera pa ziro suwichi ikazima nkuyakanso, monga magetsi akathima, ndipo pulogalamu yosasamala imajambula phiri lalitali la bodza pamenepo. Kuona `sysUpTime`, yomwe imasonyeza nthawi imene yadutsa chiyambireni SNMP ya pa suwichiyo, kumathetsa chikaiko.

Tsono tavomereza kuti 30 peresenti ndi yoona. Kodi chingwecho chili bwino? Anthu a m'mwamba akudandaulabe kuti mawu akudukaduka pa misonkhano ya pa vidiyo. Apa mpamene ambiri amanyengedwa, chifukwa 30 peresenti ndi avereji chabe. Chingwe chodzaza mpaka pakamwa kwa masekondi 90, kenako nkukhala chete kwa masekondi 210, chimapereka 30 peresenti yomweyo. Ndipo kudzaza kwina kumachitika m'kanthawi kochepa kwambiri koti palibe girafu ya SNMP ingakuone.

Zimachitika motere. Makompyuta awiri, iliyonse pa poti ya gigabiti, akatumiza mafailo akuluakulu ku seva yapansi nthawi imodzi, magigabiti awiri amalimbirana khomo la gigabiti imodzi. Suwichi imasunga kaye mapaketi otsala m'kamalo kodikirira. Kamaloko kakakhala ka megabaiti imodzi, kamadzaza m'mamilisekondi asanu ndi atatu okha, diso lisanaphethire nkomwe. Kakadzaza, suwichi imataya mapaketi obwera pambuyo, ngakhale alibe chilema chilichonse. Failo siionongeka, chifukwa kompyuta imatumizanso zotayikazo. Mawu a pa vidiyo ndiwo alibe nthawi yodikira zimenezo.

Umboni wake uli pa `ifOutDiscards`. Ngati nambalayi yakwera ndi 4,000 m'mphindi zisanu zomwezo, ndipo imakwera nthawi imene anthu akudandaula, ndiye kuti chingwe chikudzazadi, girafu inene zimene inganene. Kwa ine, nambala imeneyi ndi imene iyenera kuyamba kuonedwa, peresenti pambuyo. Chenjezo nloti makampani opanga masuwichi sawerenga mapaketi otayidwa mofanana, choncho ndi bwino kufananitsa nambalayi ndi imene suwichi imaonetsa mukalowamo mwachindunji.

`ifInErrors` ikunena nkhani ina. Iyi imawerenga mapaketi amene afika ali oonongeka. Paketi iliyonse ya Ethernet imanyamula kumapeto kwake kanambala kotsimikizira, kotchedwa FCS. Wolandira amawerengetsera yekha kanambalako, ndipo kakasiyana amadziwa kuti china chasokonekera m'njira. Zoyambitsa zimakhala zogwirika ndi manja: pulagi yomangidwa mwachisawawa, chingwe cha kopa chotalika kupitirira mamita 100, chingwe chodyedwa ndi makoswe kudenga, kapena fumbi pansonga ya faiba. Kugula chingwe cha liwiro lalikulu sikuchiza zimenezi, monganso kusintha pulagi sikuchiza kudzaza.

Zolakwikazi zimaonekera kwa wolandira, osati kwa wotumiza. Ngati suwichi ya m'mwamba ikusonyeza ziro, pitani mukafunse poti ya ku suwichi yapansi, chifukwa mwina mawaya oonongeka ndi a mbali yotsikira. Musathamangirenso kudzidzimuka ndi nambala yaikulu. Zolakwika 50,000 zikhoza kukhala za tsiku limodzi chaka chatha, pamene wina ankasuntha zingwe. Funso nloti kodi zikukwerabe, ndipo ndi zingati poyerekeza ndi mapaketi onse olowa, amene ambiri mwa iwo amawerengedwa pa `ifHCInUcastPkts`. Pa chingwe chabwino nambala ya zolakwika imakhala masabata osasuntha.

Pali vuto limodzi lomwe limadzibisa ngati chingwe choipa, makamaka pa zida zakale za mamegabiti 100. Mbali imodzi ikaikidwa kuti izitumiza ndi kulandira nthawi imodzi, pamene inayo ikudikira mpata isanatumize, liwiro limagwa kwambiri ntchito ikachuluka. Mbali yoyambayo imaona `dot3StatsFCSErrors` ikukwera, pamene yodikirayo imaona `dot3StatsLateCollisions`. Manambala awiriwa akamakwera limodzi kunsonga ziwiri za chingwe chimodzi, chingwecho chisiyeni. Konzani `duplex` kuti ifanane mbali zonse, kenako muwerengenso kawiri kuona ngati aima.