Ndudu Khumi Patsiku, Malata 29 Pachaka

Osuta ambiri kwathu kuno sagula paketi yathunthu. Amagula ndudu imodziimodzi paokala, n'chifukwa chake saona kuchuluka kwa ndalama zimene zikutuluka m'nyumba. Tiyeni titenge cholembera tiwerengere limodzi.

Tiyerekeze kuti ndudu imodzi ndi K200, ndipo bambo amagula khumi patsiku, kuphatikizapo zimene anzawo amawapempha. Imeneyo ndi K2,000. Chibaba cha fodya sichipita kutchuthi, choncho tichulukitse ndi masiku onse 365. Tikupeza K730,000 pachaka. Ngati mtengo wakwanuko ndi wosiyana, ikanipo womwewo.

Lata limodzi litakhala pa K25,000, ndalamayi ikhoza kugula malata 29, okwanira kufolera kanyumba kamene dzinja lililonse ana amagonamo akusuntha mphasa kuthawa madontho.

Komatu ndalama ya fodya ikangokhala m'thumba imathera ku mandasi ndi mayunitsi a foni. Timalangiza kuti bambo akasiya kusuta, K2,000 ija azipereka kwa mayi madzulo aliwonse kuti aisunge padera. Popeza mitengo imakwera, musadikire chaka kutha. Pamwezi yakwana K60,000: gulani malata awiri, yotsalayo ikhale ya misomali.