Chimfine chatha koma nkhope ikulemerabe: vuto la masayinasi

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, chimfine chimalowa pafupifupi nyumba iliyonse. Ambiri chimawasiya pakatha sabata. Koma ena, kuyetsemula kukaleka, amatsala ndi mphuno yotsekeka, masaya olemera ndi mutu wopweteka chapamphumi. Akawerama kuti amange nsapato kapena kukoleza moto, ululu umathamangira kumaso. Ena mano a m'mwamba amawawa ngakhale palibe dzino lobooka. Kawirikawiri vuto limakhala m'masayinasi.

Masayinasi ndi timphako ta mpweya tomwe tili m'mafupa a nkhope: m'masaya, pamphumi pamwamba pa nsidze, pakati pa maso ndiponso mkati kuseri kwa mphuno. Timphakoti timapanga mamina tsiku lililonse, ndipo maminawo amatulukira m'mphuno kudzera pa tiziboo tating'ono kwambiri. Chimfine chikatupitsa mnofu wa m'mphuno, tiziboo tija timatsekeka, mamina n'kudzadzana mkati. Mphako za m'masaya ndizo zimavutitsa kwambiri, chifukwa kabowo kake kali chakumtunda. Zili ngati mtsuko wokhala ndi kamwa pamwamba: madzi sangatuluke okha. Thupi limadalira tiubweya tosaoneka ndi maso tomwe timakankha mamina kukwera nawo mpaka pakabowopo, ndipo chimfine, utsi wa nkhuni kapena wa fodya zimafooketsa tiubweyati. Mizu ya mano a m'mwamba ili pansi penipeni pa mphakozi, n'chifukwa chake manowo amawawa nawo.

Anthu ambiri akangoona mamina achikasu kapena obiriwira amathamangira kukagula makapusozi. Apa ndi pomwe ndikufuna tiimepo. Mtundu wa mamina umasintha chifukwa cha asilikali a m'thupi omwe akulimbana ndi matendawo, ndipo izi zimachitika ngakhale pa chimfine wamba. Nthawi zambiri kutsekeka kwa masayinasi kumayamba ndi mavairasi, ndipo maantibayotiki monga amokisilini sapha mavairasi. Kumwa makapusozi osafunikira kumangotsegula m'mimba, kutha ndalama, ndi kuzoloweretsa mabakiteriya mankhwalawo kotero kuti tsiku lomwe adzafunikedi sadzagwira ntchito. Chofunika kuyang'ana si mtundu wa mamina ayi, koma masiku amene apita ndi komwe matendawo akulowera.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa tomato pamsika, amene chimfine chamuyamba Lolemba. Pofika Lachinayi mphuno yatseka, masaya akulemera, mamina asanduka achikasu. Limenelo ndi tsiku lachinayi chabe, ndipo palibe chodabwitsa. Chomwe akufunika ndi kuchepetsa ululu ndi kuthandiza maminawo kutuluka. Panado amathandiza: munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, kudikira maola anayi kapena asanu ndi limodzi asanamwenso, osapitirira mapiritsi asanu ndi atatu pa tsiku. Kansalu koviika m'madzi ofunda n'kukayika pamasaya kamapepuza nkhope. Usiku agone mutu uli pamwamba pang'ono. Azimwa madzi, tiyi kapena phala lamadzimadzi mokwanira kuti mkodzo usade, chifukwa thupi likauma mamina amalimba. Koma kudzikakamiza kumwa ndowa yonse sikufulumizitsa kuchira.

Nanga kufukiza nthunzi, komwe ambiri anakuzolowera nthawi ya Kovidi pogwiritsa ntchito masamba a bulugamu? Nthunzi imanyowetsa m'mphuno ndipo munthu amapumako bwino kwa kanthawi. Zimenezo n'zoona. Koma siyipha tizilombo, ndipo siyifupikitsa matendawo. Ngozi yake ndi yayikulu kuposa momwe timaganizira: poto wa madzi owira, munthu atafunda bulangete osaona bwino, amagubuduzika mosavuta n'kuwotcha ntchafu ndi mimba. Wamkulu amene akufuna kufukiza aphule madziwo, adikire kuti asiye kubwata, awayike patebulo lokhazikika osati pamiyendo, ndipo nkhope ikhale patali. Asafundire pamodzi ndi mbaula yoyaka, chifukwa mpweya wa makala umapha. Ana asafukizidwe motere ngakhale pang'ono.

Chimene ine ndimachikhulupirira kuposa nthunzi ndi madzi a mchere. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda, ndipo mu theka la lita musungunule supuni yaing'ono imodzi ya mchere, yosadzaza mosefukira. Mutasamba m'manja, thirani pang'ono pachikhatho, weramani pabeseni, kokerani madziwo m'mphuno imodzi pang'onopang'ono, kenaka muwasiye atuluke. Chitaninso mbali inayo, kawiri kapena katatu pa tsiku. Madziwo akhale owiritsa nthawi zonse, osati ongotunga pachitsime kapena pampopi, ndipo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Pomina, minani mphuno imodzi pa nthawi, mosakakamiza. Mankhwala odontheza m'mphuno a kufamase amatsegula msanga, koma asapitirire masiku asanu, chifukwa mukawazolowera mphuno imatseka kuposa kale mukangowasiya.

Tibwerere kwa mayi uja. Ngati Lolemba lotsatira akumva kuti zikupepuka, ngakhale asanachiriretu, ali panjira yabwino, poti kulemera kwa nkhope kumatha kutenga masabata awiri kapena atatu kuti kutheretu. Koma ngati masiku khumi akwana popanda kusintha kulikonse, apite kuchipatala. Apitenso ngati anayamba kupeza bwino chakumapeto kwa sabata, kenaka mwadzidzidzi thupi n'kutenthanso, tsaya limodzi n'kuyamba kupweteka kwambiri, mamina n'kuchuluka. Kubwerera m'mbuyo kotereku ndi chizindikiro chachikulu choti mabakiteriya alowa m'mamina otsekeredwa aja. Chimodzimodzi ngati kuyambira pachiyambi thupi latentha kufika madigiri 39 kwa masiku atatu kapena anayi, limodzi ndi mamina onga mafinya. Apa dokotala angathe kulemba maantibayotiki, ndipo amwedwe monga momwe wanenera. Tisaiwalenso kuti kwathu kuno kutentha thupi ndi mutu zingakhale malungo, choncho kuyezetsa magazi sikuyenera kudikira masiku khumi. Amene ali ndi matenda a shuga, kapena chitetezo cha m'thupi chotsika, monga omwe ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala mwandondomeko, apite msanga.

Pali zizindikiro zina zosayenera kugona nazo. Fupa lolekanitsa diso ndi timphako ta pakati pa maso ndi lopyapyala kwambiri, ndipo mphako za pamphumi zili pafupi ndi ubongo. Choncho chikope chikatupa ndi kufiira, diso likatuzuka kapena kupweteka poliyendetsa, munthu akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, pamphumi pakatupa, khosi likauma, mutu ukapweteka modetsa nkhawa limodzi ndi kusanza, kapena akayamba kusokonezeka ndi kuwodzera modabwitsa, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Kutupa kwa diso kumachitika kwambiri mwa ana, ndipo makolo ena amayesa kuti mwana walumidwa ndi kachilombo.

Mwana wamng'ono akamatulutsa mamina onunkha mphuno imodzi yokha, kawirikawiri amakhala kuti anatsekeramo nyemba, chimanga kapena mkanda. Musatokose, akachotse achipatala. Wamkulu amene mphuno imodzi yokha imangotseka ndi kutuluka magazi, kapena amene vutoli lamutengera masabata oposa 12, akufunika kuonedwa ndi madokotala a makutu, mphuno ndi mmero, monga omwe ali kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kalata yopitira kumeneko imachokera kuchipatala cha m'boma lanu.